Shoteji ya Katundu M'sitolo: Magwero Ake ndi Kayezedwe Kake

Shoteji ndi kusiyana kwa katundu amene mabuku akunena kuti alipo ndi katundu amene mwamupeza mutawerenga ndi manja. Buku likati pali mabotolo 50, pashelefu ndi kusitoo kosungira katundu mwapeza 44, ndiye kuti asanu ndi limodzi asowa. Eni masitolo ambiri akaona chonchi amathamangira kunena kuti wina waba. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nambala yoyamba imene imatuluka mukangomaliza kuwerenga imakhala yosakanizika: muli katundu wobedwa, wosweka, amene sanafike n'komwe kuchokera kwa ogulitsa, ndiponso amene alipo bwinobwino koma analembedwa molakwika. Ntchito yeniyeni ndi kupatula zimenezi chimodzichimodzi mpaka kutsale nambala imene palibe pepala loifotokoza. Yotsalayo ndiyo mungayambe kuiganizira zakuba.

Choyamba: dziwani katundu amene akuyenera kukhalapo

Simungayeze chosowa musanadziwe chimene chikuyenera kukhalapo. Kaya mumagwiritsa ntchito kompyuta kapena buku lapamanja, masamu ake ndi amodzi:

```
Sitoko ya m'buku = yoyambira + yolandira − yogulitsa − yobweza kwa ogulitsa − yochotsa molembedwa
Shoteji = sitoko ya m'buku − sitoko yowerengedwa
Peresenti = shoteji ÷ malonda × 100
```

Sitoko yoyambira iyenera kukhala imene munawerenga ndi manja ulendo wapita, osati imene buku linkanena. Mukayambira pa nambala ya m'buku, zolakwika zakale zonse mwazinyamula, ndipo simudzadziwa ngati katundu anasowa mwezi uno kapena chaka chatha.

Sankhaninso mtengo umodzi n'kuumirira pamenepo. Mungawerengere zonse pa mtengo wooda kapena zonse pa mtengo wogulitsira. Cholakwika chofala n'chakuti munthu amawerengera shoteji pa mtengo wooda kenako n'kuigawa ndi malonda, amene ali pa mtengo wogulitsira. Peresenti imatuluka yochepa kuposa mmene ilili, ndipo akadzasintha kachitidwe ulendo wotsatira amaona ngati zinthu zaipa mwadzidzidzi. Mtengo wogulitsira ndi wosavuta kwa ambiri chifukwa ulipo kale pashelefu, koma uli ndi msampha wake: nthawi iliyonse mukatsitsa kapena kukweza mtengo, muyenera kulemba kusinthako pamodzi ndi kuchuluka kwa katundu amene analipo tsikulo. Mukaiwala, kutsitsa mtengo kumaoneka ngati shoteji, ndipo kukweza mtengo kumabisa shoteji yeniyeni.

Chachiwiri: werengani katundu moti nambala idalirike

Kuwerenga kosasamala kumabala shoteji yabodza, ndipo kumabisanso yeniyeni. Kukonzekera kumayamba dzulo lake.

Sanjani sitolo kuti mtundu uliwonse wa katundu ukhale pamalo odziwika. Makatoni otsegulidwa kale aikeni padera ndi omata. Katundu wosweka, wotha nthawi ndi woyembekezera kubwezedwa muikeni pangodya imodzi, mulembepo. Jambulani papepala mmene sitolo ilili, shelefu iliyonse muipatse nambala, osaiwala malo amene anthu amawadumpha: pansi pa kauntala, pawindo loonetsera katundu, pamwamba pa mashelefu, mufiriji, ndi katundu amene kasitomala walipira koma sanabwere kudzatenga. Wolipiridwa kaleyu musamuwerenge, chifukwa m'buku anatuluka kale.

Kenako dulani nthawi. Ili ndi gawo limene limasokoneza ambiri. Sankhani ola limene malonda ndi kulandira katundu ziima, ndipo lembani nambala ya lisiti lomaliza la pathilu ndi nambala ya inivoisi yomaliza imene yalowa m'buku. Katundu akafika kuwerenga kuli m'kati, muimikeni pakhomo, musamuwerenge ndipo musamulembe. Vuto limabwera ngati inivoisi yalowa m'buku koma katundu wake sanawerengedwe, zomwe zimaonetsa shoteji yaikulu yabodza. Kapena katundu wawerengedwa koma inivoisi sinalowe, zomwe zimaonetsa ngati muli ndi katundu woposa.

Owerenga akhale awiriawiri, wina kuwerenga, wina kulemba. Pepala lawo likhale ndi dzina la katundu, kukula kwake ndi muyeso wowerengera, koma lisakhale ndi nambala imene buku likuyembekezera. Munthu akadziwa kuti pakuyenera kupezeka 48, maso ake amaona 48. Komanso amene amayang'anira shelefu tsiku ndi tsiku asawerenge shelefu yake yomwe. Apa sitikunena kuti ndi wakuba ayi. Kungoti munthu amene wazolowera malo amangoyerekeza osagwira. Yambani kumanzere kunka kumanja, pamwamba kutsika pansi, ndipo shelefu ikatha matanipo kapepala koonetsa kuti yawerengedwa. Katoni yomata yochokera kufakitale mungaikhulupirire, komabe inyamuleni: yopepuka kapena yomatidwa kachiwiri itseguleni. Makatoni ounjikidwa mulu amafunika kuwasuntha, chifukwa njira yakale yobisira shoteji ndi kuika opanda kanthu pakati kapena pansi pa mulu.

Musanatsegulenso sitolo, yerekezani zowerengedwa ndi za m'buku, ndipo mzere uliwonse umene wasiyana kwambiri uwerengedwenso ndi anthu ena. Mukatsegula malonda musanabwereze, mwayi watha, popeza katundu wayamba kuyenda.

Chitsanzo cha miyezi itatu

Tiyerekeze sitolo imene imawerenga katundu miyezi itatu iliyonse, ndipo zonse ikuziika pa mtengo wogulitsira. Nambalazi n'zongoyerekeza ndipo zigwira ntchito pa ndalama ya dziko lililonse.

Sitoko yoyambira inali 4,000,000. M'miyezi itatuyo analandira katundu wa 9,500,000 n'kugulitsa wa 10,000,000. Mitengo imene anatsitsa n'kulemba inakwana 120,000, ndipo anabweza kwa ogulitsa katundu wa 80,000. Sitoko ya m'buku ndi 4,000,000 kuphatikiza 9,500,000, kuchotsa 10,000,000, kuchotsanso 120,000 ndi 80,000, zomwe zikupereka 3,300,000. Atawerenga anapeza katundu wa 3,050,000. Shoteji ndi 250,000, kapena 2.5 peresenti ya malonda.

Kodi imeneyo ndi yaikulu? Pofanizira, bungwe la eni masitolo ku America la National Retail Federation linapeza kuti m'chaka cha 2022 masitolo amene linawafunsa anataya pafupifupi 1.6 peresenti ya malonda awo. Koma nambala yoteroyo ndi yongokupatsani chithunzi. Sitolo ya zinthu zoonongeka msanga imataya zambiri kuposa ya zitsulo, ndipo choyerekezera chabwino ndi peresenti ya sitolo yanu yomwe ya ulendo wapita. Chofunika tsopano ndi kuiphwanya 250,000 ija.

Chachitatu: yambani ndi mapepala

Yambani ndi zolakwika za kalembedwe chifukwa n'zosavuta kutsimikiza, ndipo sizikhumudwitsa munthu. Ndalama yonse pamodzi siikuuzani kanthu. Tsikirani pa mzere wa katundu aliyense, muyambire amene wasiyana ndi ndalama zambiri. Zolakwika zimasiya zizindikiro zake.

Ngati chiwerengero chosowa chikugawika ndendende ndi kuchuluka kwa m'katoni, monga 12, 24 kapena 48, ganizirani za katoni yathunthu. Wakuba wa pashelefu satenga 24 ndendende. Mwina katoniyo sinafike, mwina sinawerengedwe, mwina wolemba anasokoneza muyeso. Kusokoneza muyeso kumachitika pamene katundu amaodedwa pa katoni koma amagulitsidwa mmodzimmodzi: kompyuta ikauzidwa kuti katoni ili ndi 24 pamene ogulitsa anasintha n'kuyamba kuika 20, katoni iliyonse yolandira imabala shoteji ya 4 popanda munthu kugwira kanthu.

Ngati katundu wina wachepa ndi 15 ndipo mnzake wofanana naye waposa ndi 15, palibe chabedwa. Kashiya amasikana sopo mmodzi pamakina ogulitsira kenako n'kuchulukitsa, pamene kasitomala watenga mitundu iwiri ya fungo losiyana, yomwe ili ndi mabakodi osiyana. Mitengo ikakhala yofanana, ndalama sizinatayike, koma buku lasokonekera ndipo mudzaoda katundu wolakwika. Mitengo ikakhala yosiyana, monga botolo lalikulu kulembedwa ngati laling'ono, kusiyana kwa mitengoko ndi kutaya kwenikweni, ndipo kukamachitika kwa kashiya mmodzi yekhayekha kumafunika kukuyang'anitsitsa.

Ngati kompyuta ikuonetsa sitoko yochepera ziro, pali inivoisi imene sinalowe kapena katundu analowetsedwa pa dzina lina. Katundu woposa musamusekerere. Ndi cholakwika chimodzimodzi, ndipo mukamuphatikiza ndi wosowa amachepetsa shoteji mwachinyengo. Ndi bwino kulemba nambala ziwiri, ya zosowa zokha ndi ya zoposa zokha, musanaziphatikize.

Mu chitsanzo chathu, kufufuza mapepala kunatulutsa zinthu zitatu. Mafuta odzola anasowa mabotolo 48 a mtengo wa 1,000 lililonse. Inivoisi inkanena makatoni 10 a mabotolo 24, koma pa chikalata chobweretsera katundu wolandira analemba ndi cholembera kuti afika 8, ndipo wolowetsa m'kompyuta anatsatira inivoisi osaona chikalatacho. Apo pali 48,000. Kubwereza kuwerenga kunapeza katoni ya katundu wa 36,000 pamwamba pa shelefu ya kusitoo, imene owerenga oyamba anaidumpha. Ndipo katundu 60 amene anatsala pang'ono kutha nthawi anatsitsidwa mtengo kuchoka pa 1,500 kufika pa 1,000 osalemba paliponse, zomwe ndi 30,000.

Nkhani ya makatoni awiri ija ikuonetsa chifukwa chake khomo lolandirira katundu ndi malo oopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Wolandira awerenge dalaivala akadali pomwepo, asanasaine. Ayerekeze zinthu zitatu: zimene munaoda, zimene inivoisi ikunena, ndi zimene zatsika m'galimoto. Chosowa kapena chosweka chilembedwe pa makope onse awiri, dalaivala asaine, ndipo m'buku mulowe zimene zafikadi. Kusaina mothamanga poti makasitomala adzaza kumatanthauza kuti mwavomera kulipira katundu amene simunamuone, ndipo ogulitsa ambiri salandira dandaulo pakapita masiku. Woperekera katundu amene amadzikonzera yekha pashelefu, monga a zakumwa ndi a buledi, muwerengereni polowa ndi potuluka, chifukwa amatulukanso ndi katundu wakale ndi makireti.

Chachinayi: katundu woonongeka

Kusweka, kuphwanyika kwa mapaketi, kunyowa, kudyedwa ndi makoswe, kutha nthawi: zonsezi ndi kutaya kwenikweni, koma n'kodziwika gwero lake ngati kwalembedwa. Vuto n'loti botolo likasweka wantchito amakolopa, magalasi n'kutaya, nkhani yathera pomwepo, makamaka ngati akudziwa kuti akanena adulidwa malipiro. Sitolo imene imalanga aliyense woswa kanthu imakhala ndi buku la zoonongeka loyera ndi shoteji yosadziwika yaikulu.

Khalani ndi buku limodzi la zoonongeka, lokhala ndi tsiku, dzina la katundu, kuchuluka, chifukwa, ndi masaini awiri. Katundu woonongekayo asungidwe mpaka woyang'anira amuone, kenako atayidwe iye akuona. Chifukwa chake n'chakuti buku la zoonongeka nalo limatha kukhala khomo lakuba: katundu wabwinobwino amalembedwa kuti waonongeka n'kutuluka, kapena paketi imabooledwa dala kuti igulidwe motchipa. Ndipo zolembedwa m'bukuli zichotsedwe m'sitoko sabata iliyonse. Mu chitsanzo chathu bukuli linali ndi katundu wa 41,000 wolembedwa bwino, koma palibe anamuchotsa m'kompyuta.

Danga la chifukwa ndi limene limathandiza kwambiri m'bukuli. Mukaona kuti zambiri ndi zotha nthawi, vuto lili pa kuoda kapena pa kasanjidwe: katundu watsopano akuikidwa kutsogolo, wakale n'kumakankhidwira kumbuyo. Woyandikira kutha nthawi ayenera kukhala kutsogolo, ndipo muziona deti lenilenilo, osati tsiku lofika, chifukwa katundu wobwera lero akhoza kukhala wa deti lapafupi kuposa amene muli naye. Zambiri zikakhala zophwanyika, onani kaunjikidwe ka makatoni ndi mpeni wotsegulira, umene umacheka mapaketi a pamwamba.

Katundu wogulitsa pa sikelo ali ndi katayidwe kakekake. Zina zimauma n'kupepuka, zina zimatayika popima. Sikelo ikamapitirira ndi magalamu 20 pa kilogalamu iliyonse, thumba la makilogalamu 50 limatulutsa pafupifupi 49 okha, ndiye kuti 2 peresenti yapita popanda wakuba. Yesani kamodzi: pimani thumba potsegula, lembani zonse zogulitsidwa kuchokera m'menemo mpaka lithe. Kusiyanako ndi katayidwe kachibadwa ka katunduyo, ndipo chodetsa nkhawa ndi chopitirira pamenepo.

Chimene chatsala

Tsopano tiphatikize: 48,000 ya makatoni osafika, 36,000 ya katoni yodumphidwa, 30,000 ya mtengo wotsitsidwa, ndi 41,000 ya zoonongeka, zonse 155,000. Pa 250,000 patsala 95,000, yomwe ndi 0.95 peresenti ya malonda.

Zinayi zafotokozedwazi si zofanana. Ya 36,000 si kutaya konse, katundu alipo. Ya 30,000 ndi ndalama imene sitolo inasankha yokha kuisiya, choncho ilembedwe ngati kutsitsa mtengo. Ya 48,000 ikhoza kubwera ngati ogulitsa avomera kuchotsa makatoni awiriwo pa ngongole kapena kuwabweretsa, akakana, yatayika. Ya 41,000 yatayika ndithu koma gwero lake likudziwika. Choncho lipoti labwino linene kuti shoteji yodziwika ndi 41,000, yosadziwika ndi 95,000, zonse 136,000 kapena 1.36 peresenti, ndipo 48,000 ikudikira yankho la ogulitsa. Mwini sitolo akanathamangira kudula antchito 250,000, akanawalipiritsa katoni imene ili pamwamba pa shelefu yake.

Nayonso 95,000 si yonse yobedwa. Muli zolakwika zina zimene sizinapezeke. Koma kukula kwake musakupeputse. Katundu wooda pa 750 n'kugulitsa pa 1,000 amapindula 250, ndiye mmodzi akasowa muyenera kugulitsa ena atatu kuti mungobweza ndalama yoodera, musanalipire lendi kapena magetsi.

Chachisanu: kusiyanitsa mitundu ya kuba

Kuba kwa makasitomala ndi kwa antchito kumasiya mapazi osiyana, ndipo nambala zimatha kukulozerani.

Wakuba wochokera kunja amatenga zinthu zazing'ono, zodula, zosavuta kubisa ndi kugulitsanso: mabatire, malezala, mafuta onunkhira, zodzoladzola, mowa wa m'mabotolo ang'onoang'ono. Shoteji yake imakhala ya manambala osalongosoka, 3 apa, 7 apo, ndipo imachuluka pa mashelefu obisika kwa kashiya kapena oyandikira khomo. Mumapeza mapaketi opanda kanthu atabisidwa kumbuyo kwa katundu wina. Mapaketi amenewo musangotaya. Alembeni m'buku ngati kuba kodziwika, ndi malo amene apezeka. Palinso kusinthanitsa zomata za mitengo ndi kubweza katundu amene sanagulidwe, zomwe zimatheka ngati sitolo imabweza ndalama popanda lisiti.

Kuba kwa mkati kumaoneka mosiyana. Katundu wosowa kusitoo kumene kasitomala safika, kapena wosowa mu kabati yokiya, sangakhale wa munthu wakunja. Njira zake zodziwika ndi kutulutsa katundu m'matumba a zinyalala kapena m'makatoni opanda kanthu n'kukatola madzulo, kugwirizana ndi dalaivala polandira, ndi kudya kapena kugwiritsa ntchito katundu osalemba. Mwini sitolo ndi abale ake nawonso ali m'gulu lomalizali: chilichonse chotengedwa kupita kunyumba, kapena sopo wokolopera m'sitolo momwemo, chikapanda kulembedwa chimatuluka ngati shoteji, ndipo amene amakayikiridwa ndi wantchito.

Za pathilu zimafunika kuzimvetsa bwino, chifukwa apa ambiri amanamizika. Kashiya akalandira ndalama osalowetsa malondawo m'makina n'kuika ndalamayo m'thumba, thilu imabalansa bwinobwino madzulo. Makina sakudziwa kuti panagulitsidwa kanthu. Chosowa chimadzaonekera pa katundu, mwina patapita miyezi. Choncho thilu yobalansa si umboni woti zonse zili bwino. Ndipo thilu imene imapezeka ndi ndalama yoposa kawirikawiri ndi yokayikitsa kuposa yochepa pang'ono, chifukwa zimachitika munthu akaika mu dilowa ndalama ya malonda osalembedwa n'kulephera kuchotsa ndendende. N'chifukwa chake kuwerenga thilu modzidzimutsa pakati pa tsiku kumaulula zambiri kuposa kuwerenga kwa madzulo.

Njira zina za pathilu ndi kufufuta lisiti kasitomala atachoka, kupanga lisiti lobweza ndalama popanda katundu wobwera, ndi kudutsitsa katundu wa mnzake kapena m'bale osasikana zina. Kubweza kwabodza kumapweteka kawiri: ndalama imatuluka, ndipo buku limaonjezera katundu amene kulibe. Makina ambiri ogulitsira amatulutsa lipoti la malisiti ofufutidwa, obwezedwa, ochotseredwa mtengo, ndi nthawi zimene dilowa yatsegulidwa popanda malonda. Litulutseni pa dzina la kashiya aliyense, ndipo yerekezani ndi kuchuluka kwa malisiti ake. Ngati ena amafufuta lisiti limodzi pa 100 koma wina amafufuta 6 pa 100, pali chofunsa. Mwina ndi watsopano amene sanaphunzire makina, mwina ayi. Izi zimatheka pokhapokha aliyense ali ndi nambala yakeyake yolowera. Onse akamagwiritsa ntchito imodzi, lipotilo n'lopanda pake.

Chachisanu ndi chimodzi: fupikitsani nthawi yowerengera

Kuwerenga kwa miyezi itatu kumakuuzani kuchuluka kwa chosowa, koma sikukuuzani tsiku kapena munthu. Kuti mupeze zimenezo, tengani mizere 10 mpaka 20 imene yatsogola pa shoteji yosadziwika n'kumaiwerenga pafupipafupi. Kawirikawiri mudzapeza kuti mizere yochepa ndiyo yanyamula gawo lalikulu la ndalama yosowayo, choncho simufunika kutseka sitolo.

Tengani mabatire. Lolemba m'mawa munali mapaketi 40, m'sabatamo mwalandira 120, makina akuonetsa kuti mwagulitsa 131. Payenera kutsala 29. Mwapeza 17, ndiye asowa 12. Poti 12 ndi nambala ya bokosi, bwererani kaye ku chikalata cholandirira: kodi mabokosi 10 a mapaketi 12 anafikadi onse? Ngati anafika, sabata yotsatira werengani tsiku lililonse, ndipo mulembe padera za pashelefu ndi za kusitoo, komanso zimene zasamutsidwa kuchoka kusitoo kupita pashelefu. Akamasowa kusitoo, mwachepetsa oganiziridwa kufika pa amene amagwira makiyi. Akamasowa pashelefu, werengani kawiri patsiku, posinthana mashifiti. Pakatha masabata awiri mudzaona ngati kusowako kumatsatira ola lodzaza anthu, tsiku lobwera katundu, kapena shifiti inayake.

Palinso kayesedwe kosavuta. Chotsani mabatirewo pashelefu muwaike kumbuyo kwa kauntala kumene kasitomala ayenera kupempha. Shoteji ikatha, anali akunja. Ikapitirira, yang'anani pathilu ndi kusitoo. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasuntha katundu, n'kusintha loko, n'kusinthanso shifiti sabata imodzimodziyo, shoteji ikhoza kutsika koma simudzadziwa chimene chathandiza. Dziwaninso kuti kungoyamba kuwerenga tsiku lililonse kumachepetsa kuba kwa mkati kwa kanthawi, choncho kutsika kwa sabata yoyamba kusakupusitseni.

Nambala zikaloza munthu, zimakhala zikuloza shifiti, osati dzanja. Pa shifiti pamakhala anthu angapo, ndipo kulakwitsa kosadziwa kumatsatiranso munthu mmodzi monga momwe kuba kumachitira. Musananene munthu, pezani umboni wina: lisiti lofufutidwa limene likugwirizana ndi chithunzi cha kamera, kapena kasitomala woyesera amene mwamutuma kukagula ndi ndalama yokwanira ndendende n'kuchoka osadikira lisiti, kenako inu n'kuona ngati malondawo alowa m'makina. Za kudula malipiro, kusecha munthu ndi kuchotsa ntchito zili ndi malamulo ake m'dziko lililonse, ndipo muwaone musanachite kanthu.

Mukamaliza kufufuza, konzani buku kuti ligwirizane ndi zimene mwawerenga, ndipo kusintha kulikonse kukhale ndi chifukwa chake cholembedwa: cholakwika cholandirira, choonongeka, kuba kodziwika, kapena chosadziwika. Wosintha nambala za sitoko m'kompyuta asakhale yemweyo wosunga makiyi a kusitoo, chifukwa munthu amene angatulutse katundu n'kukonzanso buku sasiya shoteji yoti muione. M'sitolo yaing'ono ya anthu awiri kapena atatu kulekanitsa ntchito chonchi n'kovuta, ndiye mwini sitolo azisunga yekha mphamvu yosintha sitoko, azisainanso yekha buku la zoonongeka. Sungani mapepala owerengera, ndipo nambala yowerengedwa ya lero, 3,086,000 mu chitsanzo chathu mutaphatikiza katoni yodumphidwa ija, ndiyo ikhale sitoko yoyambira ya miyezi itatu ikubwerayo.